Pulani ya shopu ya perefyumu wogawa m'timabotolo: yambirani pa mtengo wa mililita imodzi

Wachinyamata amene wangoyamba ntchito ku banki ya ku City Centre, kapena ku unduna wina ku Capital Hill, amafuna kununkhira bwino tsiku lililonse. Koma botolo lathunthu la perefyumu wabwino limatha kudya gawo lalikulu la malipiro ake a mwezi. Apa ndi pamene pali msika wa bizinesi yogawa perefyumu. Mumagula botolo lalikulu la mamililita 100, n'kumaligawa m'timabotolo ta mamililita 5 kapena 10, ndipo pambali pake mumagulitsa mafuta onunkhira opaka pakhungu. Kasitomala amalipira ndalama yochepa pa nthawi imodzi, inu n'kupeza phindu pa mililita iliyonse.

Anthu ambiri akamalemba pulani ya shopu yotere amayamba ndi dzina la shopu, mtundu wa penti ndi zithunzi zoika pa Instagram. Ife tikuti tsamba loyamba la pulani likhale la masamu a botolo limodzi. Amene sadziwa kuti mililita imodzi yamudyera zingati sangathe kuika mtengo, sangadziwe renti imene angakwanitse, ndipo akapita kukapempha ngongole ku banki m'khonde kapena ku bungwe lobwereketsa ndalama amangolankhula zongoganizira. Mitengo yonse imene tagwiritsa ntchito m'munsimu ndi ya chitsanzo chabe, yosankhidwa kuti masamu aoneke bwino. Mitengo ya m'tauni muno imasintha msanga, choncho muikemo yanu ya tsiku limene mukulemba.

Botolo la mamililita 100 silipereka mamililita 100

Tiyerekeze kuti mwaoda botolo la perefyumu wa ku Arabiya, monga a makampani a Lattafa, Armaf kapena Rasasi amene achinyamata ambiri amawadziwa kale. Likafika m'manja mwanu ku Lilongwe lakudyerani K60,000. Ndalama imeneyi isakhale ya pa lisiti ya kumene munagula yokha ayi. Muphatikizemo thiransipoti, msonkho wa pa chipata, gawo la munthu amene wakunyamulirani kuchokera ku Dar es Salaam, ku Joni kapena ku Dubai, ndiponso zimene munataya posintha ndalama.

Pa botololi, mamililita 5 apita ku kabotolo konunkhiza makasitomala, chifukwa palibe amene amagula fungo limene sanalimve. Ena pafupifupi atatu atayika: amatsalira m'kapaipi, m'sirinji ndi pansi pa botolo, ndipo ena amauluka. Enanso awiri apita pa kudzaza mopitirira pang'ono, chifukwa wogula akaona kabotolo kosafika pa mzere amakhulupirira kuti mwamubera. Otsala ogulitsa ndi 90. Mukagawa K60,000 ndi 90, mililita imodzi ikukwana K670, osati K600 imene munthu wothamanga angalembe.

Tsopano kabotolo ka mamililita 10. Perefyumu wake ndi K6,700. Kabotolo kagalasi kopopera tiike K1,500, ndipo sitika ndi kathumba K500. Zonse pamodzi ndi K8,700. Mukagulitsa K14,000, pa kabotolo kalikonse pakutsala K5,300. Ka mamililita 5 kamadya K3,350 ya perefyumu, K1,200 ya kabotolo ndi K500 ya sitika ndi kathumba, zomwe zikukwana K5,050, ndipo mukagulitsa K8,500 pakutsala K3,450. Onani kuti timabotolo tiwiri ta mamililita 5 tikubweretsa K6,900 pamene kamodzi ka 10 kakubweretsa K5,300. Tating'ono timapindulitsa kwambiri pa mililita, koma timafuna makasitomala ambiri ndi ntchito yambiri.

Pali funso lina limene pulani iyenera kuyankha, ndipo ndi lofunika kuposa phindu la pa kabotolo: kodi K60,000 ija ibwerera liti? Pa K14,000 iliyonse, K2,000 ndi ya kabotolo ndi sitika, ndiye yotsala yobweza mpamba ndi K12,000. Muyenera kugulitsa timabotolo tisanu kuti mungobweza ndalama ya botolo lalikulu. Phindu lonse, pafupifupi K48,000, lili m'timabotolo tinayi tomaliza. Choncho botolo limene lagulidwa theka n'kuima pa shelefu silinakupatseni kanthu. Shopu ikhoza kukhala ndi mabotolo makumi atatu otsegula, iliyonse itagulidwako pang'ono, anthu akulowa ndi kutuluka, koma mwini wake alibe ndalama yolipira renti. Mashopu ambiri amtunduwu amagwera pamenepa, ndipo eni ake amadabwa chifukwa m'maso mwawo malonda ankayenda.

N'chifukwa chake timalangiza kuyamba ndi mafungo ochepa, khumi kapena khumi ndi awiri, ndi kulemba lamulo m'pulani kuti simutsegula fungo latsopano pokhapokha lina litatha, kapena anthu asanu atalipiriratu. Njira yolipiriratuyi imagwira bwino ntchito pa perefyumu wodula. Tengani botolo la kampani ya ku Ulaya limene lafika pa K300,000. Mililita yake ndi pafupifupi K3,340, ndipo kabotolo ka mamililita 5 kakudyerani K18,400. Mukagulitsa K26,000 mukupeza K7,600, ndalama yooneka bwino. Koma pa timabotolo 18 timene mungatulutse m'botololi, muyenera kugulitsa 13 musanabweze mpamba. Ngati fungolo silinakondedwe, K300,000 yanu yagona tulo. Lengezani pa WhatsApp kuti mukufuna kutsegula fungo lakuti, anthu alembetse ndi kulipirako theka, kenako mukagule.

Mtengo ulinso ndi denga lake. Makasitomala anu ndi anthu a masamu, ena ndi owerengera ndalama m'maofesi. Ngati botolo lathunthu la perefyumu wa ku Arabiya uja likugulitsidwa K85,000 m'shopu ina ku Old Town, wogula azindikira kuti mtengo wa timabotolo tanu tisanu ndi kamodzi ta mamililita 10 ukufanana ndi wa botolo lonse. Pa mafungo otsika mtengo, kabotolo kanu n'kolawitsa chabe kapena koyenda nako m'chikwama, ndipo amene walikonda fungolo adzafuna botolo lathunthu. Musamulole kuti akaligule kwina. Muike m'pulani kuti mudzagulitsanso mabotolo athunthu kwa amene aitanitsa ndi kulipiriratu.

Mafuta ndi amene amalipira renti

Mafuta onunkhira ali ndi masamu ena, ndipo ndi abwino kwa wamalonda. Pali mitundu iwiri imene anthu amaisokoneza. Woyamba ndi mafuta a fungo lamphamvu a m'kabotolo kokhala ndi kampira pamwamba, opaka pang'ono pamkono ndi kuseri kwa khutu. Wachiwiri ndi mafuta odzola thupi lonse mukatha kusamba. Kusiyana kwake kuli pa kuchuluka kwa fungo. A kampira amatha kukhala ndi fungo lokwana 20 mpaka 30 peresenti, pamene odzola thupi lonse amafuna 1 mpaka 3 peresenti basi. Mukaika fungo lambiri m'mafuta a thupi lonse, khungu limayabwa, limafiira kapena kutuluka nsungu, ndipo kasitomala wotero sabweranso, amauzanso anzake onse a mu ofesi.

Tiyerekeze kuti mafuta a fungo osasungunula mwagula K25,000 pa mamililita 100, kutanthauza K250 pa mililita, ndipo mafuta osungunulira mwagula K30,000 pa lita, kutanthauza K30 pa mililita. Kabotolo ka kampira ka mamililita 10 kamatenga atatu a fungo ndi asanu ndi awiri osungunulira: K750 kuphatikiza K210. Mukaonjezera K1,000 ya kabotolo ndi K500 ya sitika, zikukwana pafupifupi K2,500. Mukagulitsa K6,000 mukutsala ndi K3,500. Botolo la mafuta odzola la mamililita 100 limatenga awiri okha a fungo ndi 98 osungunulira, ndipo pamodzi ndi botolo ndi sitika likudyerani pafupifupi K5,500. Pa K10,000 mukutsala ndi K4,500. Ubwino wake waukulu ndi woti K25,000 ija imabwerera mutagulitsa timabotolo ta kampira tisanu ndi kamodzi pa timabotolo toposa 30 timene mungapange. Mpamba sukhalitsa pa shelefu.

Posungunulira, odziwa ntchitoyi amagwiritsa ntchito mafuta a kokonati oyengedwa amene sagwirana kukazizira ndipo alibe fungo, mafuta a jojoba, kapena madzi okhuthala olembedwa kuti DPG. Mafuta a kokonati wamba a m'golosale amagwirana m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, kampira n'kuleka kuzungulira, komanso ali ndi fungo lawolawo. Mafuta ophikira a mpendadzuwa kapena a soya amasasa pakapita miyezi ingapo m'nyengo yotentha, ndipo fungo losasalo limaphimba fungo limene munagula modula. Mafuta a malambe amapezeka m'dziko mwathu muno ndipo ndi abwino pakhungu, koma yesani kaye pang'ono kuti mumve ngati fungo lake likugwirizana ndi limene mukufuna kuikamo.

Pogula mafuta a fungo mufunse mafunso atatu. Kodi ndi opaka pakhungu, kapena ndi opangira makandulo ndi sopo wochapira? Kodi asungunulidwa kale, ndipo ngati ndi choncho, ndi chiyani? Kodi wogulitsa ali ndi pepala la IFRA, bungwe la padziko lonse la opanga zonunkhira, losonyeza mlingo umene sayenera kupitirira pa zopaka pakhungu? Funso lachiwirili limapulumutsa ndalama zambiri. Mafuta amene anasungunulidwa kale mukawasungunulanso amakhala opanda mphamvu, fungo limatha pasanathe ola. Komanso amene anasungunulidwa ndi DPG kawirikawiri sasakanikirana ndi mafuta a kokonati: amachita mbuu, kenako n'kupatukana, ena pamwamba ena pansi. Musanasakanize zambiri, sakanizani mamililita 10 okha m'kabotolo koonekera, mukasiye usiku wonse, mawa lake muone. Zomwezi zimachitika mukathira perefyumu wopopera m'mafuta odzola poganiza kuti mupanga mafuta onunkhira. Perefyumu wopopera ali ndi mowa woyera ndi timadzi pang'ono, ndiye sagwirizana ndi mafuta.

Pali chinthu chimodzi chimene sitikufuna n'komwe kuchimva: kuonjezera sipiriti wa m'sitolo ya zomangira m'perefyumu kuti achuluke. Sipiriti ameneyu amaikamo mankhwala ena, nthawi zina methano amene ndi poizoni, ndipo sanapangidwire khungu la munthu. Perefyumu wogawa agawidwe mmene anabwerera.

Kagawidwe kake ndi kasungidwe

Gawo la pulani lofotokoza kagwiridwe ka ntchito lisakhale lalitali, koma likhale lomveka moti wothandizira m'shopu angalitsate inu mulibe. Zida zake ndi zochepa: masirinji a mamililita 5 ndi 10, timafanelo ting'onoting'ono, magolovesi, tepi yoyera yopyapyala imene amisiri a mipope amakulunga pa mazinga, ndi kope lolembamo.

Njira yosataya kwambiri ndi ya sirinji. Mumachotsa kachipewa kopopera pa botolo lalikulu, kapaipi kakang'ono n'kuonekera. Mumalowetsa mlomo wa sirinji, yopanda singano, pa kapaipiko n'kumadina pansi mobwerezabwereza mpaka sirinji itadzaza kufika pa mzere umene mukufuna. Si mabotolo onse amene kapaipi kake kamagwirizana ndi sirinji. Pa ena muyenera kupopera kudzera m'fanelo, ndipo apa perefyumu amatayika wochuluka chifukwa wina amauluka ngati nkhungu. Kupopera kamodzi kumatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mililita, choncho mamililita 10 amafuna kudina pafupifupi ka 100. Nambala yomweyi muigwiritse ntchito pouza kasitomala kuti kabotolo kake kakhala masiku angati: wopopera kanayi pa tsiku katha pafupifupi masiku 25, omwe ndi mwezi wathunthu wa masiku a ntchito.

Fungo lililonse likhale ndi sirinji yakeyake yolembedwa dzina. Dontho limodzi la fungo lolemera la udi likalowa m'fungo lopepuka la mandimu, kabotolo konse kasintha. Timabotolo tikhale tagalasi, tatsopano ndi touma bwino mkati, chifukwa kadontho ka madzi kamachititsa perefyumu kuoneka ngati mkaka. Tapulasitiki totsika mtengo timatha kufewa kapena kupatsira fungo la pulasitiki pakapita masabata. Musadzaze mpaka pakhosi. Musiye kampata ka mpweya kuti chopopera chilowe popanda kusefukira. Kulungani tepi ija kawiri pa mazinga, tsekani, kenako gonekani kabotolo pa pepala loyera usiku wonse. Pepala likanyowa kapena kununkhira, kabotolo ako n'kodontha. Oda yatsopano ya timabotolo ikafika, yesani khumi mwa ito musanalipire zonse, chifukwa kabotolo kodonthera m'chikwama cha munthu n'kunyowetsa laputopu ya ku ntchito kamathetsa ubale pompopompo.

Adani a perefyumu ndi kutentha, kuwala ndi mpweya. Mu Okotobala ndi Novembala, chipinda cha malata chopanda siling'i chimatentha ngati ng'anjo, ndipo shelefu ya pawindo imene imakopa odutsa ndi imene imaononga katundu. Mafungo a mandimu ndi malalanje ndi amene amayamba kufa. Mudziwa kuti perefyumu waonongeka mtundu wake ukada kuposa poyamba ndipo fungo loyamba likamamveka lowawasa ngati viniga. Pawindo ikani mabokosi ndi mabotolo opanda kanthu. Katundu weniweni akhale m'kabati yotseka, m'mabokosi ake, kumbali imene dzuwa silifika. Musagawiretu timabotolo tambiri. Gawani tokwanira sabata imodzi, chifukwa m'kabotolo kakang'ono perefyumu amauluka ndi kukalamba msanga kuposa m'botolo limene anabwera nalo.

Perefyumu amayaka moto. Magetsi akathima musagawe pa kandulo kapena pafupi ndi mbaula. Gulani nyale yotchaja. Pa chifukwa chomwechi, makampani a ndege amamuika m'gulu la katundu woopsa, ndipo onyamula katundu ena amakana kumutenga kapena amalipiritsa ndalama yapadera. Mufunse zimenezi musanatumize ndalama kunja.

M'kope muja muzilemba tsiku limene botolo latsegulidwa ndi mamililita amene atuluka tsiku lililonse. Sabata ikatha, muone ngati wotsala m'botolo akugwirizana ndi zolembedwa. Ena amapima botolo pa sikelo yaing'ono ya digito, ena amamata kapepala m'mbali n'kumalemba mzere. Popanda zimenezi, mamililita angapo amatha kusowa tsiku ndi tsiku, kaya mwa kuba kaya mwa kununkhiza anzanu mopanda malire, inu osadziwa.

Malo, makasitomala ndi renti

Munthu amene mukumufuna amalowa ntchito m'mawa n'kutuluka madzulo, ndipo Lilongwe ndi mzinda womwazikana. Amagwira ntchito ku City Centre kapena ku Kanengo, amagona ku Eriya 25, 49 kapena 36, ndipo alibe nthawi yodutsa mlatho wa Lilongwe pa nthawi ya nkhomaliro kuti akanunkhize perefyumu. Shopu ya m'molo yaikulu imaoneka bwino koma renti yake ingameze phindu lonse. Poyamba, ganizirani kagawo ka m'saluni, m'babashopu yabwino kapena m'shopu ya zovala, m'malo ngati Eriya 47, Eriya 18 kapena Old Town, kumene anthu otere amapita kale Loweruka. Malonda ambiri adzabwera pa foni, ndipo shopu ndi malo oti munthu adzanunkhize ulendo woyamba ndi kuona ndi maso ake kuti mabotolo aakulu alipodi. Ndalama ya kabaza wokapereka katundu ku ofesi alipire wogula, kapena muziyenda tsiku limodzi pa sabata kukapereka maoda onse a dera limodzi.

Posankha mafungo, kumbukirani kuti anthuwa amakhala m'zipinda zotseka ndi anzawo ndiponso m'maminibasi odzaza. Mafungo opitirira theka akhale oyenera ku ofesi, osatsamwitsa oyandikana nawo. Otsalawo akhale olemera, a ku ukwati, ku tchalitchi ndi kokacheza madzulo. Funso limene mudzalimva tsiku lililonse ndi lakuti: "Kodi amakhalitsa?" Yankhani zoona. Wolembedwa EDP amakhala ndi fungo lokwana pafupifupi 15 mpaka 20 peresenti, wolembedwa EDT amakhala ndi lochepera, ndipo kawirikawiri woyambayo amakhalitsa, koma khungu la munthu ndi nyengo zimasinthanso zinthu. Mupopereni pamkono, akayende, abwere pakatha maola angapo.

Tsopano ndalama zotuluka mwezi uliwonse, kaya mwagulitsa kaya ayi. Mwa chitsanzo chathu: renti K200,000, wothandizira K150,000, magetsi ndi bandulo K40,000, mayendedwe ndi gawo la layisensi ya pa chaka K40,000, kutsatsa K20,000. Zonse ndi K450,000. Ngati pa katundu aliyense wogulidwa pakutsala pafupifupi K4,500, muyenera kugulitsa zinthu 100 pa mwezi, kapena zinayi pa tsiku m'masiku 26 otsegula, kuti musaluze. Mukafuna kudzilipira K300,000, nambala ikukwera kufika pa 167 pa mwezi, zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri pa tsiku. Muzilembe malipiro anu m'pulani. Amene sadzilembera malipiro amatapa m'ndalama yoodera, ndipo amazindikira tsiku limene botolo latha.

Malondawa sayenda mofanana mwezi wonse. Amachuluka anthu akalandira kumapeto kwa mwezi ndi sabata yotsatira, kenako amazilala. Katundu afike malipiro asanatuluke, ndipo renti muisunge pambali nthawi imene ndalama ikulowa. Pakati pa mwezi mudzamva mawu akuti "ndipatseni, ndikonza mwezi ukatha". Ngongole imodzi ya K14,000 ikapanda kubwezedwa, K8,700 imene munaika pa kabotoloko yapita, ndipo phindu la timabotolo tiwiri totsatira lingotseka dzenjelo. Pulani inene poyera kuti katundu amatuluka ndalama ikalowa, pamanja, pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Gulani nambala ya shopu yosiyana ndi yanu, ndipo muzitsimikiza pa foni yanu kuti ndalama yafikadi, osadalira chithunzi cha meseji chimene wogula watumiza.

Mpamba woyambira, potsatira chitsanzo chomwechi, ukhoza kuoneka motere. Mabotolo asanu ndi atatu a ku Arabiya ndi K480,000, awiri odula ndi K600,000, mafuta a fungo a mitundu isanu ndi itatu ndi K200,000, ndipo malita awiri osungunulira ndi K60,000. Timabotolo 300 ndi K360,000, masitika ndi timatumba K100,000, zida K50,000, kabati ndi kauntala K250,000. Eni nyumba ambiri amafuna renti ya miyezi itatu, ndiye K600,000, ndipo mapepala a boma tiike K100,000. Zafika K2,800,000. Pamwamba pake musunge K700,000 yosakhudza, yothandiza m'miyezi yoyamba pamene anthu sanakudziweni. Onse pamodzi ndi K3,500,000. Ngati ndalama yanu ndi theka la imeneyi, chotsani mabotolo odula aja, renti ndi kauntala, muyambe pa foni ndi mafuta.

Kwacha ikagwa

Katundu yense wa bizinesiyi, kuyambira perefyumu mpaka timabotolo, amachokera kunja, ndiye pulani yosatchula za ndalama zakunja ndi yosakwanira. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tengani botolo lathu la K60,000. Litakwera ndi 44 peresenti lifika K86,400, ndipo mililita ikhala K960. Kabotolo ka mamililita 10 kadya K11,600 ngakhale mtengo wa kabotolo ndi sitika utapanda kusintha. Mukapitiriza kugulitsa K14,000 chifukwa katundu wa pa shelefu munagula pa mtengo wakale, phindu lenileni latsika kuchoka pa K5,300 kufika pa K2,400, ndipo kuti mukwanitse renti mufunika kugulitsa kuwirikiza kawiri. Choncho mtengo muziuwerengera pa ndalama imene mudzagulire botolo lotsatira, osati imene munagulira lomwe lilipo. Funsani mitengo kwa okuodetsani mwezi uliwonse ngakhale simukuoda, ndipo pa masitika musasindikize mtengo.

Mapepala a boma ndi nkhani ya katundu wachinyengo

Lembetsani dzina la bizinesi ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, tengani nambala ya msonkho ya TPIN ku MRA, ndi layisensi ya malonda ku khonsolo ya mzinda wa Lilongwe. Popeza mafuta mukusakaniza ndi kuika m'mabotolo nokha, pitani ku bungwe loona za miyezo la MBS mukafunse zimene likufuna pa zodzola ndi pa zolemba za pa sitika musanasindikize masitika ambiri. Pa sitika pakhale dzina la shopu, dzina la fungo, mamililita, tsiku logawa, nambala ya foni, ndipo pa mafuta mulembenso zimene mwaikamo.

Chuma chenicheni cha shopu yogawa perefyumu ndi chikhulupiriro, chifukwa wogula sangathe kutsimikiza chimene chili m'kabotolo kopanda bokosi. Perefyumu wachinyengo ndi wochuluka m'misika imene amalonda athu amapikulako, ndipo ngakhale wa ku Arabiya wotchuka amakoperedwa. Botolo likafika, onani ngati nambala ya pansi pa botolo ikufanana ndi ya pa bokosi, ngati zilembo zasindikizidwa bwino popanda zolakwika, ngati kachipewa kakukhala bwino, ndiponso ngati mtengo wake suli wotsika modabwitsa poyerekeza ndi wa kwa ogulitsa ovomerezeka. Kenako poperani pa kapepala n'kusiya. Wachinyengo amamveka bwino mphindi zoyamba, koma pakatha ola papepala pamatsala zochepa kapena fungo lina losiyana. Kwa wogulitsa watsopano gulani botolo limodzi kaye, ndipo sungani malisiti.

Mafuta a fungo amene amafanana ndi perefyumu wotchuka sanapangidwe ndi kampani ya perefyumuyo. Musamate chizindikiro cha kampaniyo pa kabotolo kanu, ndipo musalole wothandizira kunena kuti ndi "orijino". Kutero n'kunamiza ogula, ndipo kungakufikitseni ku bungwe la CFTC limene limamva madandaulo awo. Apatseni mafutawo maina a shopu yanu, ndipo wogula akafunsa mumuuze kuti fungo lake likupita kufupi ndi lakuti. M'shopu aikeni pa shelefu yosiyana ndi ya perefyumu wogawa. Kwa kasitomala watsopano, tulutsani botolo lalikulu m'kabati, aligwire, awerenge nambala yake, ndipo mudzaze kabotolo kake iye akuona.